Mwezi Umene a Zamfir Anawerenga Khobidi Lililonse

A Zamfir Olaru anakonza mathiramu, sitima zamagetsi zoyenda m'misewu ya mumzinda wa Braila, kwa zaka zoposa makumi atatu, koma mtengo wa botolo la mafuta ophikira sankaudziwa. Malipiro akatuluka ankafika nawo kunyumba n'kuwaika patebulo, akazi awo a Veturia n'kutola. A Veturia ndi amene ankadziwa za magetsi, za madzi, za nkhumba ya Khirisimasi ndi za nsapato za mwana. Amuna awo ankawapatsa tamakobidi ta khofi, ndipo a Zamfir ankachita kunyadira pakati pa anzawo kuti kunyumba kwawo kuli nduna ya zachuma, iwo ndi wantchito chabe.

A Veturia anamwalira mu Febuluwale. Pofika Okutobala, a Zamfir anali atapempha ndalama kwa mwana wawo Sorina miyezi inayi yotsatizana. Penshoni inali yomweyo, malei 2,900 m'ndalama za kumeneko, imene inkadyetsa anthu awiri n'kutsalako yoika m'chitini. Tsopano pakamwa panali pamodzi, koma mlungu womaliza wa mwezi unkawapeza akupisa m'matumba a majekete akale.

Sorina ankakhala kudziko lina, mumzinda wa Torino, kumene ankagwira ntchito yosamalira nkhalamba zodwala. Tsiku limene anaimba foni, mawu ake anali ozizira. Anali atamva kwa mayi Didina, otolera ndalama za pamdadada wa nyumba zosanja pamene a Zamfir ankakhala, kuti a magetsi atumiza kalata yoopseza kudula.

"Ababa, ndalama ya magetsi ndinakutumizirani. Inapita kuti?"

"Zinthu zadula, mwanangu. Iwe uli kutali, sukuziona."

"Zadulira inu nokha? Mayi ankakwanitsa bwanji ndi anthu awiri?" Kenako anawonjezera: "Mayi Didina akutinso Lachiwiri munasiya makiyi pachitseko tsiku lonse."

A Zamfir anadziwa kumene nkhaniyo ikulowera. Bambo awo owabala anathera moyo wawo akufunsa dzina la mkazi wawo yemwe, ndipo zimenezo zinayamba ndi tinthu ngati timeneti.

"Ndimasamalira anthu otere tsiku ndi tsiku," anatero Sorina. "Zimayambira m'thumba. Ndikubwera mwezi wamawa, penshoni ya mwezi umenewo ikatuluka. Kuyambira mawa mulembe chilichonse cholowa ndi chotuluka, ngakhale machesi. Muyambe ndi kuwerenga zimene muli nazo, m'thumba ndi kubanki. Malisiti musataye. Lamulungu lililonse muwerenge ndalama zotsala, muone ngati zikugwirizana ndi zolembazo. Mukandionetsa kumene ndalama ikupita, ndikusiyani. Mukalephera, khadi ya kubanki ndizisunga ine, nyumbayo tigulitsa, mubwere kuno."

"Ukundiyesa mwana wasukulu?"

"Ndikukuyesani bambo anga. Ndilibe ena."

Foni itadulidwa anakhala pampando wa kukhitchini nthawi yaitali. Ku Torino anapitako kamodzi. Anagona pabedi lopinda m'chipinda cha mdzukulu, osamva chinenero, osadziwa munthu, akuopa ngakhale kutsegula firiji ya mkamwini. Kumeneko akanakhala katundu wosungitsa.

M'mawa mwake penshoni inalowa. Anagula kope, nalo n'kulilemba: malei anayi. Pamwamba analemba penshoni, pansi pake malei makumi awiri amene anali m'thumba. Masiku oyambirira anagwira ntchitoyo ndi mkwiyo, ngati munthu wofuna kutsutsa mlandu. Buledi, tchizi, mkaka, nsomba za kumsika, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndalama ya magetsi ija pamodzi ndi chindapusa chake. Mayi Didina atawapatsa malei makumi atatu powakonzera simbi, nazo anazilemba kumbali ya zolowa. Madzulo alionse asanadye ankakhuthula malisiti patebulo, n'kukumbukira za kumsika zimene zilibe lisiti, n'kumaliza ndi mzere womwewo: khofi, malei asanu ndi limodzi.

Khofiyo ankamwera pakasitolo ka pakona, pafupi ndi depoti yakale ya mathiramu. Kumeneko kunkasonkhana anzawo a kuntchito opuma, wamkulu wa phokoso ali a Costache, dalaivala wa thiramu wa kale, munthu wa mimba yaikulu ndi lilime lakuthwa. A Veturia ali moyo, a Zamfir ankangodutsapo, kumwa kapu imodzi n'kumapita. Tsopano ankafika m'mawa n'kuchoka dzuwa litapendeka. Kunyumba kunali zii, moti wotchi ya pakhoma inkamveka mpaka kubafa.

Lamulungu loyamba anawonkhetsa. Ndalama zimene anatapa kubanki, kuphatikiza za m'thumba ndi za simbi, kuchotsa zonse zolembedwa, zinayenera kutsala malei 210. Anakhuthula chikwama. Munali 60.

Anawonkhetsanso kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Anagwedeza mathalauza, anasuzumira pansi pa bedi, anatsegula ngakhale chitini cha a Veturia chimene ankadziwa kuti mulibe kanthu. Malei 150 anali atasowa mumlungu umodzi, ndipo m'mutu mwawo munalibe chithunzi chilichonse cha kumene anapita. Anayesa kutchula mayina a masiteshoni a thiramu kuyambira kudoko mpaka kumapeto, kuti aone ngati mutu ukugwira. Anawatchula onse. Koma bambo awonso ankatchula mayina a ng'ombe za ubwana wawo osaphonya, chikhalirecho osadziwa ngati adya.

Lolemba anafotokozera a Costache monong'ona.

"Ha! Wasanduka kalaliki pa ukalamba?" anaseka a Costache mpaka kutsokomola. "Iwe nkhalamba, nkhani yake ndi yomweyi? Lemba kuti mankhwala. Ndani angatsutse mankhwala a munthu wokalamba? Ine mkazi wanga ndamulembera mankhwala zaka makumi anayi, onse ndinamwera pompano."

"Mwana uja ndi wa zachipatala. Afuna lisiti."

"Ndiye lemba nsomba. Nsomba zilibe lisiti. Mtsikana iwe, tibweretsere zina pano, mnzathuyu mutu watentha!"

Madzulo a tsikulo a Zamfir anagwira cholembera pamwamba pa mzere wopanda kanthu. Nsomba, 150. Zinali zosavuta. Koma anaona kuti Sorina akhoza kumunamiza, pamene iwo eni akhalabe osadziwa ngati mutu wawo wayamba kuwola. Funso limenelo linali litawalowa kuposa mantha a ku Torino. Analemba kuti: zosowa, sindikudziwa, 150.

Lamulungu lachiwiri zinasowa 160.

Tsiku limenelo sanadye. Sorina ataimba, anayankha kuti zonse zili bwino, kope likudzaza. "Mawu anu sakumveka bwino," anatero mwanayo. Iwo anati ndi chimfine.

Pakati pa manthawo anakumbukira za kuntchito. Thiramu ikamataya mphamvu ya magetsi, sankayeza waya wonse nthawi imodzi. Ankaudula m'zigawo, kuyeza apa, kuyeza apo, mpaka malo otayira atapanikizika. Mlungu unali wautali kwambiri. Anaganiza zomatuluka ndi ndalama yowerengeratu, kope lili m'thumba, kulemba pomwepo dzanja likangotuluka m'chikwama, ndi kuwerenga chotsala nthawi iliyonse akachoka pamalo.

M'mawa anatuluka ndi malei zana limodzi. Pogula buledi, chotsala chinagwirizana. Kumsika, chinagwirizana. Anafika pakona paja, nakhala pampando wawo wa masiku onse. Anabwera a Costache, anabwera ena awiri. Khofi, kenako khofi wina, kenako timatambula ta kachasu wa zipatso za mapulamu chifukwa kunja kunkazizira. Mmodzi atayamba kuvala chipewa kuti azipita, a Zamfir anamva pakamwa pawo pakunena pokha: "Ukuthamangira chiyani? Khala, imwa kena." Pochoka, dzanja lawo linatulutsa ndalama, kuika pansi pa mbale, thupi n'kuimirira. Anali atafika kale pakhomo pamene anakumbukira kope. Anawerenga chikwama ali chiimire. Panachoka malei makumi atatu.

Anabwerera kwa mtsikana wogulitsa. "Mwanangu, ine ndimalipira zingati pano?"

"Zimatengera, agogo. Pena 25, pena 30. Mumalipira tebulo lonse, chenji mumati ndisunge."

"Kuyambira liti?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Chichokereni maliro aja."

Sikuti sankadziwa kuti amagulira anzawo. Ankadziwa, monga munthu amadziwira kuti akupuma. Koma madzulo polemba, mutu unkawauza zimene iwo amwa, khofi mmodzi wa malei asanu ndi limodzi, monga zinalili zaka zonse. Anachulukitsa chosiyanacho ndi masiku a mlungu ali pamsewu pomwepo. Chinafika pafupifupi pa ndalama yosowa ija. Mtima unakhala pansi. Kenako panabwera manyazi. Miyezi yonseyi ankagula anthu oti akhale nawo, ndipo ndalama yake inkachokera m'manja mwa mwana wosambitsa nkhalamba za eni kudziko la eni.

Tsiku lotsatira anaika patebulo malei asanu ndi limodzi okha.

"Lero aliyense adzilipirire," anatero, maso ali pakapu.

A Costache anafiira nkhope. "Ukutanthauza kuti timakudyera? Ndani anakupempha? Si iwe wemwe umatigwira malaya kuti tisapite?"

"Sindinanene kuti munapempha."

"Watilemba m'kabuku kako? Costache, wakuba, malei khumi? Ukamuonetse mwana wakoyo, atimange!" Anaponya ndalama patebulo, zina n'kugwera pansi, natuluka. Ena awiri aja anamwa mwachangu n'kutsatira. A Zamfir anatsala okha ndi mipando itatu. Masiku otsatira tebulo lija linali lopanda anthu, ndipo iwo ankamwa kapu yawo n'kubwerera kunyumba kusanafike masana.

Nthawi inachuluka, ndipo anaithera pa kope. Poti bowo limodzi linali litapezeka, anayamba kukayikira paliponse. Anazindikira kuti ankangowerenga za m'chikwama, pamene kubanki ndalama imatha kuchoka munthu osaigwira. Anapita kukapempha chikalata cha zolowa ndi zotuluka za miyezi itatu, nakhala nacho pansi ndi magalasi. Makina otapira ndalama a pansi pa mdadada wawo anali a banki ina, ndipo ankadula malei asanu ndi atatu nthawi iliyonse. A Veturia ankayenda mpaka kubanki yawo n'kutapa kamodzi pamwezi. Iwo ankatapa pang'onopang'ono, poganiza kuti akusamala, mpaka kasanu ndi kanayi mwezi umodzi. Panalinso malei 45 a matchanelo a mpira a pa wailesi ya kanema amene anawalandira mwaulere kwa miyezi itatu, ulerewo n'kutha iwo osadziwa. Ndipo panali malei 35 mwezi uliwonse a foni ya a Veturia, imene inali m'kabati, yozima, chimwalirireni mwini wake.

Pepala la ndalama za pamdadada limene limapachikidwa pafupi ndi chikepe anali asanaliwerengepo. Ankangofunsa mayi Didina kuti zingati, n'kupereka. Ulendo uno anayendetsa chala mpaka pa nambala ya nyumba yawo. Ndalama za madzi, zinyalala ndi chikepe zinkagawidwa potengera anthu a m'nyumba, ndipo pa iwo panalembedwa anthu awiri.

Anagogoda kwa mayi Didina pepala lili m'manja. "Mayi, pamaliro a mkazi wanga munalipo. Munadya nawo. Mukumulipiritsa bwanji madzi?"

"Bambo Olaru, musandikweze mawu pakhomo panga. Lamulo ndi loti mwini nyumba alembe kalata yochotsa munthu. Ine sindifufuta dzina la munthu ndekha. Ndinakuuzani mu Malichi, munangoti mwamva."

"Simunandiuze."

"Ndinakuuzani, pamasitepe apa. Mwaiwala."

Liwu lomalizalo linawalasa. Mwina anawauzadi. Za mwezi wa Malichi sankakumbukira chilichonse, unali ngati utsi. Analemba kalatayo pomwepo, ataima. Ankataya malei 95 pamwezi. Za miyezi yapitayo mayi Didina anati madzi akatayika saoleka.

Chinawapweteka kwambiri chinali cha chakudya. Atasonkhanitsa mizere yonse ya zakudya pamodzi, anaona kuti tsiku lililonse ankagula buledi muwiri, nsomba ziwiri, mkaka wa botolo lalikulu. Dzanja linkatola za anthu awiri. Anatsegula firiji n'kupeza tchizi chobiriwira, supu wa mlungu watha, kabichi wofota. Anayamba kulembanso zimene akutaya, ndipo anaona kuti pamwezi zinkafika malei mazana awiri.

Zonse pamodzi zinapitirira malei chikwi chimodzi pamwezi. Kwa Sorina ankapempha mazana asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Anayamba kuyenda mowongoka. Mlandu anali atawina.

Kutatsala masiku ochepa kuti Sorina afike, ankasanja malisiti m'magulu kuti mwanayo asavutike. Pagulu la mankhwala anapeza awiri ofanana. Mankhwala omwewo a kuthamanga kwa magazi, sitolo yomweyo, lina Lachitatu, lina Lachisanu la mlungu woyamba. M'kope munali mzere umodzi wokha. Anathamangira kubafa. Bokosi limodzi linali pashelefu, lotsegula. Lachiwiri analipeza m'thumba la chikhoti cha mvula, losatsegula, lisiti lake atalikhuthula ndi ena osaliona.

Anayesetsa kukumbukira. Lachitatu ankalikumbuka, kunali mzere wautali. Lachisanu kunalibe chilichonse, ngakhale nkhope ya wogulitsa, ngakhale mvula. Izi sizinali za chizolowezi cha dzanja ngati khofi uja. Analowa m'sitolo, analankhula ndi munthu, analipira malei 38, ndipo zonsezo zinafufutika.

Kapepalako kanali kakang'ono. Chitofu chinali pomwepo. Popanda iko, kope linali loyera, lonena za mwamuna wamasiye wosadziwa kusunga ndalama, basi. Ndi iko, Sorina akanaona chimene ankachiopa. Anakaika m'thumba la malaya, nakatulutsa, nakabwezeramo. Masiku amenewo tulo sanatione bwino.

Sorina anafika Loweruka masana, wowonda kuposa mmene ankamukumbukira, maso olowa. Sanafune kudya. Anavula chikhoti, nakhala patebulo la kukhitchini, nati, "Tiyeni tione."

Anawerenga mwakachetechete, tsamba ndi tsamba, akuyerekeza ndi malisiti ndi chikalata cha kubanki, akuwonkhetsa pafoni. A Zamfir anaima pawindo, msana uli kwa iye. Ankangomva mapepala.

"Foni ya mayi," anatero Sorina motsitsa. Patapita kanthawi: "Buledi muwiri." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, napitiriza. Pa za khofi anakweza mutu. "Malei mazana asanu ndi limodzi pamwezi, ababa? Ine ndimagwira Lamulungu kuti ndikutumizireni. Mwana wanga ndimamuona akugona."

"Ndikudziwa. Ndinasiya."

"A Costache anati chiyani?"

"Sabweranso."

Sorina anatseka kope. Mapewa ake anatsika, ngati munthu wotula mtolo. "Zikugwirizana. Milungu iwiri yomalizayi mpaka khobidi. Munthu wodwala mutu sangachite izi." Anayesa kumwetulira. "Ndinakulakwirani."

Pamenepo nkhani ikanatha. A Zamfir anayang'ana mwana wawo, naona mmene watopera, naganiza za tsiku limene adzaimbiridwe foni ndi mayi Didina kuti bambo ake apezeka akuzungulira kudoko osadziwa kwawo. Anapisa m'thumba la malaya, naika kalisiti kaja patebulo, pambali pa kanzake.

"Ili silili m'kope. Ndinagula kawiri. Lachiwirili sindikulikumbuka ngakhale pang'ono."

Sorina anayang'ana timapepala tiwirito nthawi yaitali. Nkhope yake inasintha, inakhala ya kuntchito.

"Zachitikapo kangati?"

"Chimene ndachigwira ndi chimenechi. Zina sindingadziwe."

"Mukugona bwanji?"

"Ndimamwa timapilisi ta mayi ako tija, totsala."

"Ta tulo? Ababa! Mapilisi aja ndi amphamvu, anawalembera munthu wa ululu! Mumamwa angati?"

"Limodzi. Pena awiri."

Sorina anaimirira, nalowa kuchipinda, nabwera ndi kabotolo kali pafupi kutha. Anakalipa kwambiri. Atatopa anakhalanso pansi.

"Akhoza kukhala mapilisiwa. Akhozanso kukhala china. Sindikunamizani. Ndipo musawasiye lero ndi lero, adokotala ndi amene anene kasiyidwe kake. Lolemba tikupita limodzi."

"Nanga nyumba?"

"Nyumba ikhale kaye. Khadi sungani. Koma kope musasiye, ndipo mwezi uliwonse muzindijambulira masamba ake. Mukaona chinanso chonga ichi, mundiuze tsiku lomwelo, osadikira kuti ndichite kubwera."

Adokotala anawafunsa mafunso ambiri, anawajambulitsa wotchi papepala, anawapatsa mawu oti awabwereze pakapita kanthawi. Limodzi linawathawa. Anati palibe chimene anganene motsimikiza, mapilisi awachepetse pang'onopang'ono, abwerenso ikatha miyezi isanu ndi umodzi. Asananyamuke, Sorina anawaperekeza kukatseketsa foni ija ndi matchanelo a mpira. Pa foni a Zamfir anachedwa kusaina, mwanayo sanawafulumize.

Mwezi wotsatira sanapemphe kanthu, ndipo panatsala malei 180. Masana ankawatalikira kwambiri, mpaka anayamba kulandira masimbi ndi mawailesi a anthu a pamdadada kuti azikonza pakhonde. A Costache anakumana nawo kumsika chakumayambiriro kwa Disembala, akusankha anyezi. Anayang'anizana, aliyense akudikira mnzake.

"Kalaliki," anatero a Costache potsiriza. "Mwana uja sanakutenge?"

"Sananditenge. Za mutu adzaonanso mu Meyi."

A Costache anatembenuza anyezi m'manja. "Mutu wako unali wowola kale uli mnyamata, sadzapezamo chachilendo. Wailesi yanga yafa. Umalipiritsa zingati?"

"Ibwere kaye ndiione."

Anabwera nayo Lachinayi, atainyamula m'thumba la msika, nakhala pakhonde mpaka madzulo akunyoza mmene a Zamfir amagwirira sikuludiraiva.